Zikomo chifukwa chopepesa ndisanayambe kudandaula

Kwa eni shopu ndi onse ogwira ntchito kumeneko ku Lilongwe,

Nsapato za aperekezi a ukwati wa mwana wanga zafika kuno ku Zomba, mapeyala onse 6, ndipo mtima wanga wakhala m'malo.

Ndiulule kuti tsiku limene ndinkakutumizirani K180,000 pa Airtel Money, chala chinkanjenjemera. Ndinapsapo kale. Chaka chatha ndinagula makatani kwa mayi wina wogulitsa pa WhatsApp, amene anati afika m'masabata awiri. Inatha miyezi iwiri yankho lili lomwelo: "Ali m'njira amayi, dekhani." Njira yake iti? Kenako chithunzi chake chinasowa pa foni yanga, mauthenga osapitanso, ndipo ndinadziwa kuti ndabulokedwa. Ogulitsa ena amene anandichedwetseranso katundu anachitako bwino, anapepesa, koma kupepesa kwake kunali chithunzi cha maluwa ndi mawu oti katundu wachedwa "pa zifukwa zina". Madzulo ake omwewo anali kalikiliki kutsatsa katundu watsopano, ife akale tili kukamwa yasa.

Choncho Lolemba lija ndinadzuka nditakonzeka kulimbana nanu, poti nsapato zinayenera kufika Lachiwiri ndipo kunali zii. Ndisanalembe kanthu ndinaona chithunzi chimene munaika, cha makatoni ali mulole, ndi mawu pansi pake. Ndinawasunga:

"Pepani makasitomala athu. Katundu amene tinalonjeza Lachiwiri waima pa chipata cha Songwe chifukwa chiwerengero cha pa mapepala athu sichinagwirizane ndi makatoni. Cholakwa ndi chathu. Tikuyembekeza kuti afika ku Lilongwe Lachiwiri la sabata ya mawa. Amene simungathe kudikira tiuzeni, tikubwezerani ndalama zonse pofika mawa madzulo. Tidzakuuzaninso pamene tili Lachinayi."

Ndinawerenga kawiri. Aliyense amene anaoderapo katundu wodzera ku Dar es Salaam amadziwa kuti ulendowo ndi wautali, ndipo lole ikhoza kugona pa chipata masiku angapo mapepala akavuta. Kuchedwako sikunandidabwitse. Chinandidabwitsa n'chakuti munatchula malo, ndipo mlandu simunaukankhire kwa dalaivala kapena kwa a msonkho, ngakhale palibe akanakutsutsani. Munaperekanso tsiku loti munthu n'kuliwerengera pa kalendala, osati "posachedwapa". Ukwati unali utatsala masiku 19, ndiye ndinawerengera ndi zala ndi kuona kuti ndikhoza kudikira. Koma kunena zoona, chimene chinandigwira kuti ndisafune ndalama zanga ndi chakuti munanena nokha kuti mukhoza kubweza. Wakuba sayamba yekha kukamba zobweza. Lachinayi litakwana munalembadi, mizere iwiri yokha, kuti lole yadutsa ku Karonga.

Tsopano za mtsikana amene amayankha foni yanu. Dzina sinditchula, mukumudziwa. Palibe anamutuma kuti andiimbire. Anangoona kuti munthu mmodzi waoda nsapato zofanana mapeyala 6, nadziwa kuti apa pali mwambo. Anaimba masana a Lolemba lomwelo, ulemu wake ngati akulankhula ndi mayi ake omubereka: "Amayi, pepani, kodi nsapatozi ndi za ukwati? Uli liti?" Nditamuuza anati akulemba tsikulo pa pepala la oda yanga kuti makatoni akatsegulidwa zanga ziyambe kutuluka. Ndinangoti mawu okoma awa tinawamvapo.

Lachiwiri la sabata yotsatira masana zithunzi zinayamba kulowa. Anatembenuza nsapato iliyonse ndi kujambula nambala ya kunsi, kuti ndifananize ndi mndandanda wanga zisanapakidwe. Apo m'pamene tinapeza kuti peyala imodzi inali 38 m'malo mwa 39. Anaisintha pomwepo, popanda kundiuza kuti ndinalakwitsa ndine, ngakhale nditayang'ana uthenga wanga wakale ndinapeza kuti ndinalakwitsadi ndine. Madzulo ananditumizira chithunzi cha lisiti ya otumiza katundu, ndipo m'mawa mwake anaimbanso kungofunsa ngati ndalandira. Mayi wa makatani uja atamva zimenezi mwina akhoza kudwala.

Kanthu kamodzi kokha ndikupempheni. Uthenga uja ndinauona chifukwa tsikulo ndinali ndi bandulo. Mnzanga wa kutchalitchi amene anaoda zikwama mulole yomweyo analibe, ndipo anakhala masiku awiri akuganiza kuti waberedwa mpaka ine nditamuonetsa. Tsiku lina zikadzachitikanso, mudzatumizenso ka SMS kwa aliyense amene walipira.

Mtsikanayo mumuuze kuti aperekezi ayesa nsapato dzulo ndipo zonse zakwana, ya 39 ija ndi yomwe.

Ine kasitomala wanu,
Mayi wa mkwatibwi, Zomba