Kalata yotseguka kwa Bwanamkubwa wa boma la Kasungu pa za madesiki omwe akufumbwa

Wolemekezeka Bwana DC,

Ndine mmisiri wa matabwa amene ndinasiya ntchitoyi chifukwa cha ukalamba, ndipo panopa ndili m'komiti ya sukulu ina ya pulaimale kuno ku Kasungu. Ndakulemberani poyera chifukwa zimene tinaona pa sukulu yathu zingathe kugwera sukulu, chipatala kapena ofesi iliyonse yomwe imagula mipando ya matabwa, ndipo njira yozipewera ili pa nthawi yogula, pamene ofesi yanu ili ndi mawu.

Sukulu zitatsegulidwa mu Sepitembala chaka chatha, aphunzitsi aakulu anandiitana kuti ndikaone madesiki 40 omwe tinagula kwa kalipentala wina miyezi 8 m'mbuyomo. M'kalasimo munali musanasesedwe tchuthi chonse, choncho pansi pa madesiki ambiri panali timilu ta utuchi wotuwira, tating'ono ngati tomwe nyerere zimaunjika pakhomo pa una wawo. Nditautapa n'kuupekesa pakati pa zala, unali wosalala ngati ufa woyera, wopanda mchenga ngakhale pang'ono. Nditagadabuza desiki imodzi, ndinapeza m'mphepete mwa thabwa lokhalira muli timabowo tozungulira bwino, tamilimita imodzi kapena awiri, tomwe mkati mwake munali moyera kusonyeza kuti n'tatsopano. Ndinabaya pamenepo ndi msomali, ndipo msomaliwo unalowa ngati ukulowa m'chigumu, pamene kunja kwake vanishi anali phuliphuli.

Ena m'komiti anati ndi chiswe, koma chiswe cha m'nthaka chimabwera ndi dothi, chimamata tinjira take pa mwendo wa desiki kuchokera pansi, ndipo sichisiya ufa wotere. Bemberezi naye amaboola bowo lalikulu loti chala chaching'ono n'kulowa. Chomwe chinafumbwitsa madesiki athu ndi kachilombo kofiirira, kowonda, kotalika mamilimita 3 mpaka 6, komwe ndi kachibale ka nankafumbwe wamkulu uja amaboola chimanga ndi mitengo ya nkhokwe yomwe. Kakakazi kamaikira mazira m'timitsempha ta thabwa, makamaka kumapeto komwe macheka anadula, ndipo mazirawo akaswa, mphutsi zoyera zimadya mkatimo osaonekera kunja kwa miyezi ingapo, nthawi zina mpaka chaka. Bowo lomwe timaliona si polowera ayi, koma ndi potulukira kachilombo katakhwima, ndipo utuchi umagwa chifukwa chitseko chatseguka. Tanthauzo lake n'lakuti pomwe munthu akuona ufa pansi, thabwa ladyedwa kale, ndipo tomwe tatulukato tikufunafuna thabwa lina losapaka kuti tiikiremo mazira.

Chomwe mphutsizi zimafuna m'thabwa ndi chakudya chomwe mtengo umasunga, chofanana ndi chomwe chili mu ufa wa chinangwa, ndipo chakudyachi chimapezeka m'mbali yoyera ya kunja, ija ili pakati pa khungwa ndi mtima wa mtengo. Mtima wofiira wa mlombwa kapena mbawa sizimaukhudza, koma mbali yoyera ya mitengo yomweyo zimaidya bwinobwino. Paini wa ku Chikangawa kachilombo aka sikamufuna chifukwa alibe timitsempha toti kaikiremo mazira, ngakhale kuti iyenso ali ndi adani ake, makamaka chiswe. Madesiki athu anali a bulugama wanthete ndi mango, ndipo aliyense wodziwa matabwa angakuuzeni kuti mtengo ukakhala waung'ono, gawo lalikulu la thabwa lake limakhala loyera lomweli. Kale tinkalichotsa n'kulitaya ku nkhuni, koma lero mitengo ikuluikulu inatha, ndipo wocheka matabwa safuna kutaya kanthu. Sindikumuweruza kwambiri kalipentala wathu, pakuti nayenso anagula zomwe anapeza pamsika, koma vanishi yemwe anapaka pamwamba pokha, kusiya kunsi ndi m'mapeto, anabisa vutolo m'malo molithetsa.

Tisanawononge ndalama pa mankhwala, tinayamba tafufuza kuti ndi madesiki ati omwe anali ndi tizilombo tamoyo, chifukwa mpando womwe unafumbwa kalekale umathanso kugwetsa ufa wakale ukagwedezeka. Tinasesa bwino, tinayala mapepala akuda a pulasitiki pansi pa desiki iliyonse, tinazunguliza ndi pensulo bowo lililonse lomwe linalipo, kenaka tinatseka kalasiyo kwa masabata awiri ana akuphunzirira m'chipinda china. Titatsegula, madesiki 15 anali ndi timilu tatsopano komanso mabowo ena opanda chizindikiro cha pensulo. Mwa amenewa, 4 anali ndi matabwa okhalira oti msomali unkalowa mpaka pakati, ndipo matabwa otere palibe mankhwala omwe angawabwezere mphamvu. Tinawazula, tinawatentha tsiku lomwelo, n'kuikapo a paini.

Njira yomwe inatithandiza kwambiri ndi yomwe Kasungu ali nayo kale, ndipo ndikupemphani kuti muiganizire mofatsa. Mazira, mphutsi ndi tizilombo tokhwima zonse zimafa ngati pakatikati pa thabwa patentha kufika madigiri 56 kwa mphindi 30, ndipo uwu ndi muyezo womwe umatsatidwa pa matabwa opakira katundu wopita kunja kwa dziko. Balani yowotchera fodya wa fuluu imapitirira pamenepo, pakuti poumitsa mitsitsi ya masamba imafika madigiri 70, ndipo nyengo ya fodya ikatha mabalaniwa amangokhala. Mlimi wina woyandikana nafe anatibwereka yake. Tinasanjamo madesiki onse 15 pa mitengo yopachikira fodya, kutali ndi mapaipi a moto, tinaika mabeseni awiri a madzi pansi kuti mpweya usaume kwambiri, ndipo tinakweza moto pang'onopang'ono kwa theka la tsiku mpaka choyezera kutentha chinafika pa 60. Tinausunga pamenepo usiku wonse, chifukwa choyezeracho chimanena za mpweya, pamene mwendo wa desiki wochindikala mamilimita 50 umatenga maola angapo kuti kutentha kufike pakati pake. M'mawa tinazimitsa moto, koma chitseko sitinatsegule mpaka madzulo. Ngakhale tinasamala chonchi, matabwa awiri a pamwamba anang'aluka pang'ono ndipo guluu anamasuka m'malo ena, zomwe ndinakonza tsiku limodzi. Ena amakulunga mpando m'pulasitiki wakuda n'kuusiya pa dzuwa la Okutobala, ndipo pa matabwa opyapyala zimatheka, koma popanda choyezera munthu sangadziwe ngati mbali ya pansi yatenthadi.

Moto umapha zomwe zili mkati, koma susiya chitetezo chilichonse, ndiye desiki ikazizira kachilombo kena kakhoza kuikiramo mazira sabata yomweyo. Apa ndi pomwe pamafunika mankhwala a boroni, omwe ndi ufa woyera wamitundu iwiri, bolakisi ndi asidi wa boriki. Tinasungunula makilogalamu 1.2 a bolakisi ndi magalamu 800 a asidi wa boriki m'ndowa ya malita 20 a madzi otentha, n'kutakasa mpaka ufa wonse unasowa. Mankhwalawa salowa pomwe pali vanishi kapena penti, choncho tinayamba tapala madesiki onse ndi sandipepa, kenaka tinapaka ndi bulashi mpaka thabwa kunyowa, makamaka kunsi, m'mapeto ndi m'malo olumikizira, ndipo m'mabowo tinathiramo ndi jekeseni. Tinabwereza tsiku lotsatira, ndipo ndowa imodziyo inakwanira madesiki 15 aja. Atauma pamthunzi kwa sabata, tinapukuta mchere woyera womwe unatsala pamwamba, tinatseka mabowo ndi utuchi wosakaniza ndi guluu, n'kupaka vanishi mbali zonse, kunsi komwe. Madesiki 25 otsala aja tinawapakanso chimodzimodzi, popeza anachokera pa mulu umodzi wa matabwa.

Ndiyenera kunena malire a mankhwalawa. Pa thabwa louma amangolowa mamilimita ochepa, kotero amene wapaka popanda kuwotcha asadabwe kuona utuchi ukugwabe kwa miyezi ina, mpaka mphutsi zakuya zitafika pomwe pali mankhwala. Amasukulukanso ndi mvula, ndiye si a mabenchi okhala panja. Opaka avale magolovesi, ndipo madzi otsala asatayidwe pomwe ana, nkhuku kapena mbuzi zimafika. Komabe ndi abwino kuposa zomwe anthu amathamangira. Oyilo wakuda wa galimoto amadetsa yunifolomu za ana, ndi woipa pakhungu, ndipo safika komwe kuli mphutsi. Palafini amapha zokhazo zomwe wazikhudza, kenaka amauluka n'kusiya ngozi ya moto. Chomwe chinandiopsa kwambiri ndi maganizo a kholo lina akuti titseke kalasi n'kuikamo mapiritsi aja amafukizira chimanga. Mpweya wa mapiritsi amenewo umapha anthu, umadutsa m'ming'alu kulowa chipinda china, ndipo ndi ntchito ya okhawo omwe ali ndi chilolezo cha boma.

Ntchito yonseyi inatitengera pafupifupi mwezi, pamene ikanachitika matabwa asanakhomedwe ikanakhala yopepuka kwambiri. Thabwa longocheka kumene, likadali laliwisi, limamwa boroni mpaka mkati ngati laviikidwa m'mankhwala okhathamira n'kusanjidwa mothithikana pansi pa pulasitiki kwa masabata angapo lisanayanikidwe. Pempho langa loyamba ndi lakuti mgwirizano uliwonse wogulira madesiki, mashelefu kapena mabenchi m'boma lino uzinena momveka kuti matabwa akhale a mtima wokha, kapena a paini, kapena oviikidwa m'mankhwala, ndipo olandira katundu aziona matabwawo asanapakidwe vanishi. Pali kuyeza kosavuta komwe aliyense angachite: dontho la ayodini wa kuchipatala likadonthezedwa pa mbali yoyera yopalidwa kumene n'kusanduka lakuda mobiriwira, ndiye kuti chakudya cha mphutsi chilimo, ndipo wogulitsa afotokoze chomwe anachita nalo thabwalo. Ndikupemphanso kuti gawo lina la malipiro lizisungidwa kwa chaka chathunthu, chifukwa tizilombo tomwe tabwera ndi matabwa sitionekera pa tsiku lolandira katundu. Athu anaonekera patatha miyezi 8, ndalama zonse zitaperekedwa kale.

Chotsala ndi kapezekedwe ka mankhwala. Ife tinachita kutuma munthu ku Lilongwe, ndipo sukulu imodzi payokha siingamachite zimenezi nthawi zonse. Ofesi yanu itagula ufawu wambiri pamodzi n'kuugawa kudzera kwa alangizi a zamaphunziro a m'mazoni, komanso itauza aphunzitsi aakulu kuti aziyang'ana pansi pa madesiki tsiku lotsegulira asanasese, madesiki ambiri akhoza kupulumuka akadali olimba. Ngati mungatume amisiri a khonsolo kuti adzaone athu aja, komiti yathu iwalandira, ndipo ine ndidzawaonetsa ndekha mabowo omwe tinazunguliza ndi pensulo komanso balani yomwe tinawotcheramo.

Ine wanu modzichepetsa,
Mmisiri wa matabwa wopuma ntchito, membala wa komiti ya sukulu,
Kasungu