Ukapimitse magazi kaye, mwana wanga

Mwana wanga,

Mlongo wako wandiuza, ndipo usamukalipire, ndine ndinachita kumupanikiza. Akuti masiku ano sugona, mtima umangothamanga, kapu ya tiyi imachita kugwedera m'manja, ndipo masiketi onse akukhwepa. Iwe pafoni umangoti "ndili bwino amayi, ndi maganizo a kuntchito basi." Wayamba liti kundibisira?

Maganizo alipo, sindikukana. Ndi matenda enieni ndipo ali ndi chithandizo chake. Koma zaka zonse ndagwira mu wodi zija ndaona anthu ambiri akupatsidwa dzina la maganizo pomwe vuto lili m'magazi kapena pakhosi. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chimenecho.

Kumbukira mayi ako aang'ono. Mwezi wa Juni, tonse tili m'majuzi, iwo ankataya bulangete n'kumatuluka thukuta. Nsima ankadya mitanda itatu koma akuonda, n'kumapsa mtima ndi kanthu kosaoneka. Achibale anati ndi nkhawa za banja, ena anati awalodza, ndipo mbuzi ziwiri zinathera kwa asing'anga. Ine amene, namwino, ndinakhala chaka chathunthu osazindikira, mpaka lero zimandichititsa manyazi. Usiku wina ndinawagwira padzanja ali m'tulo, n'kupeza mtima ukugunda ka 118 pa mphindi. Munthu wankhawa akagona tulo mtima umatsika. Wawo sunatsike. Kutacha ndinawayang'anitsitsa: khosi lotupa pang'ono kutsogoloku, maso otong'oka. Chinali chithokomiro chogwira ntchito mopyola muyeso. Kachiwalo kapakhosi kameneka ndi kamene kamalamula liwiro la thupi, ndiye kakapitirira, zonse zimathamanga, mtima, m'mimba, ngakhale maganizo amene. Pepala la ku labu linaonetsa miyeso ya chithokomiro m'magazi: TSH yotsika kwambiri, T4 yokwera. Anamwa kabimazo kwa chaka ndi theka, ndipo patangopita miyezi iwiri anali atayamba kugona ngati khanda. Matendawa amakonda akazi ndipo amayenda m'mtundu, ndiye usanditenge ngati nkhalamba yongolongolola.

Iwe chita chonchi. M'mawa usanadzuke, usanamwe tiyi, ika zala ziwiri padzanja kumunsi kwa chala chachikulu. Werenga kwa masekondi 30, uchulukitse kawiri. Munthu wamkulu ali phee amapeza pakati pa 60 ndi 100. Lemba masiku asanu. Zikamapyola 100 uli chigonere, pepalalo upite nalo kwa dokotala.

China ndi magazi. Kuyambira uli ku sekondale umataya ambiri ukakhala kumwezi, ndikukumbukira ndikukutenga kusukulu utachita chizungulire pa asembule, uli mu yunifolomu yaikulu ija ndinakugulira kuti ukuliremo. Magazi akachepa, mpweya sufika mokwanira m'thupi, ndiye mtima umathamanga kuti ulipirire. Munthu amapuma mwawefuwefu pokwera kachitunda, mutu waziii, mantha n'kumugwira, iye n'kumati ndi nkhawa. Tsitsa chikope cham'munsi pagalasi, uone ngati m'katimo muli mofiira kapena motuwa. Ndipo undiyankhe zoona, kodi wayambanso kulakalaka dothi? Koma maso amanama, chodalirika ndi kupimitsa. Hb, nambala yoonetsa kuchuluka kwa magazi, kwa mkazi wosayembekezera isatsike pa 12. Ikatsika, afufuzenso chifukwa chake, kaya ndi kumweziko, malungo, njoka za m'mimba kapena likodzo, poti kuthira madzi mumtsuko wobooka n'kudzivuta. Mapiritsi owonjezera magazi amadetsa chimbudzi, usadabwe. Usamwere tiyi wako uja, amatsekereza ayironi kulowa m'thupi, ndipo upitirize miyezi itatu Hb itabwerera m'malo. Ambiri amasiya akangomva bwino, n'kubwereranso.

Hb amapima m'zipatala zambiri. TSH ungafunike kupita kuchipatala chachikulu kapena ku labu yolipira. Ukalowa kwa dokotala usakayambe ndi "ndili ndi maganizo", ayi. Ukanene kuti ukuonda koma ukudya, ukumva kutentha, manja akunjenjemera, umataya magazi ambiri, komanso kuti mayi ako aang'ono anadwala chithokomiro. Zimenezi uzinene zonse. Ndimakudziwa iwe, ukaona munthu wa gauni yoyera umangoti "eya, eya" ngati bambo ako.

Za mapiritsi ogonetsa amene akukupatsa mnzako uja ndazimvanso. Usiye kulandira mankhwala m'zikwama za anthu! Ngati wamwa kwa masabata angapo usawadule mwadzidzidzi, kamuonetse dokotala paketi yake. Ndipo tsiku limene ungamve kuwawa pachifuwa, kubanika kapena kukomoka, usadikire kuti kuche.

Zonse zikatuluka zabwino, tidzakhala pansi tikambe za maganizowo, ndidzakuperekeza ndekha. Koma magazi ayambe. Ndalama ya labu ndatumiza kwa mlongo wako, si ya mawigi. Undijambulire pepala la zotsatira, manambala aoneke bwino, maso anga ayamba kuvuta. Ufa ndi nyemba ndipatsira wa minibasi Loweruka.

Ndine mayi ako.