Musanatumize mpamba wa geni ija

Okondedwa achemwali,

Ndalandira uthenga wanu woti mukufuna kutumiza ndalama kuti mng'ono wanu ayambe kukapikula katundu kunja. Sindikukuletsani ayi, inenso ndimadyera momwemo. Koma mwanena kuti sopo wogula 100 kutsidya kwa malire akugulitsidwa 160 kuno, ndiye phindu ndi 60. Mawu amenewo andisowetsa tulo, chifukwa inenso ndinkawerengera choncho pa ulendo umene unatsala pang'ono kundidyera mpamba wonse.

Ndikufotokozereni za ulendowo, ndipo ndiwerengera pa 100 iliyonse imene ndinapereka kwa mwini sitolo, kuti masamu asatizunguze. Ndinapikula makatoni 20 a sopo. Ndisanagwire ndi katoni imodzi yomwe, ndinali nditataya kale 5 kwa osintha ndalama, popeza mtengo umene amakugulitsira ndalama yakunja si umene amakugulira. Basi popita ndi pobwera, kuphatikiza ya katundu imene kondakitala amatchula atawona kukula kwa mitolo, zinadya 12. Tinafika pachipata mochedwa n'kugona pompo, malo ogona ndi chakudya 3. Anyamata otsitsa ndi kukwezanso makatoni kuti awonedwe, 2.

Pamene ndinalira ndi pa msonkho. Lisiti langa linali lolemba pamanja, lopanda chidindo, ndipo wa msonkho analiyang'ana kamodzi n'kulikankhira pambali. Anatsegula katoni imodzi, kuwerenga sopo, n'kulemba mtengo wakewake: 110. Dziwani kuti msonkho sawerengera pa zimene iwe ukunena kuti unalipira, koma pa mtengo umene iwo avomereza, ndipo m'maiko ambiri amaphatikizamo ndi ndalama yonyamulira katunduyo kufika pamalire. Msonkho wolowetsera katundu tiyerekeze kuti ndi 10 pa 100 iliyonse, ndiye kuti 11. Kenako pamabwera vati, msonkho wina wa pa malonda, ndipo apa ndi pamene ambiri sadziwa: vati amaiwerengera pa mtengo wa katundu ataphatikiza kale msonkho woyamba uja. Tiyerekeze ndi 15 pa 100, ndiye kuti akuwerengera pa 121, osati pa 100, ndipo imakwana 18. Milingo yeniyeni imasiyana dziko ndi dziko komanso katundu ndi katundu, choncho mng'ono wanu akafunse ya chinthu chimene akufunacho asanakwere basi, afunsenso ngati pali ndondomeko yopeputsira amalonda ang'onoang'ono ndi mndandanda wa katundu wololedwa pamenepo.

Mukaphatikiza zonsezi, sopo wa 100 uja anafika pakhomo ali 151. Katoni imodzi inali pansi penipeni m'basi, inanyowa ndi mvula, sopo n'kufewa, mapepala ake n'kumatirira. Katoni imodzi mwa 20, ndiye kuti pa 160 ndimayembekezera paja panachoka 8. Ndinatsala ndi 152. Phindu la masiku atatu a pamsewu linali 1.

Ngakhale 1 ameneyo sanali weniweni. Sopoyo anatenga milungu isanu ndi umodzi kuti athe, wina anapita pangongole kwa anthu oti sungawakanize. Pamene ndinkatolera ndalama, yathu inali itagwa mphamvu, moti ndalama yakunja imene ndinaigula ndi 105 inkafuna 115. Kabuku kanga kankaonetsa kuti sindinaluze, koma nditabwerera kusitolo komwe kuja, makatoni 20 sanakwanenso. Chiyambire pamenepo, phindu ndimaliyeza ndi funso limodzi: ndalama zili m'manjazi, nditachotsa zonse za pamsewu, zigula makatoni angati lero? Akachepa kuyerekeza ndi ulendo watha, geni ikudya mpamba, ngakhale chikwama chioneke chonenepa.

Anthu ena adzamunyengerera mng'ono wanuyo kuti adutse njira zozembera, kapena kuti apatse munthu wina kangachepe kuti katundu awoloke osalembedwa. Mumuuze akane. Ndinaona mayi wina atakhala pa mtolo wopanda kanthu akulira, katundu yense atalandidwa pa rodibuloko chifukwa analibe pepala la msonkho, ndipo amene anamuwolotsa uja foni yake inali yozima. Chindapusa chinaposa msonkho umene ankauthawa.

Pempho langa ndi ili. Ulendo woyamba apite ndi theka la ndalamazo, asankhe katundu wopepuka, wosanyowa msanga, amene ali kale ndi omufuna. Atenge lisiti losindikiza lokhala ndi dzina la sitolo, ndipo alembe chilichonse chotuluka m'thumba, ngakhale ya chimbudzi. Akabwera tidzakhala pansi ndi kabukuko, ndipo ndidzakulemberani kuti theka linalo litumizidwe kapena lidikire.

Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu wa kalekale.