Msuweni wanga akugona ku boyizikota, kodi a inshuwaransi aziti nyumbayo muli munthu?

Zikomo alangizi,

Ndine mayi wa ku Malawi, ndimagwira ntchito kuno ku Lusaka ndipo ndimakhala ku Chelstone. Ndili ndi nyumba ku Area 25 ku Lilongwe, ya zipinda zitatu, yampanda wa njerwa, kumbuyo kuli kaboyizikota. Mapepala ali m'dzina langa koma tonse pabanja timangoti kwathu chifukwa amakhalamo ndi amayi. Ndinaiika pa inshuwaransi mu 2022, nyumbayo payokha komanso katundu wamkati, ndipo sindinadumphitsepo kulipira.

Nde mu Ogasiti amayi anayamba kuvutika ndi miyendo, ndinawatenga kuti azikhala ndi ine kunoko, ndipo mmene zikuonekera sabwerera msanga. Nyumba tinatseka. Amene akuyang'anira ndi msuweni wanga, mwana wa amalume, mnyamata wapasukulu, amagona ku boyizikota, makiyi a nyumba yaikulu ali nawo, Loweruka amatsegula mawindo n'kusesa basi.

Polise, pangano langa la inshuwaransi lija, ikutha mu Januwale, ejenti wanditumizira mapepala pa WhatsApp kuti ndisayine ya chaka chamawa, ndipo muli ndime imene yandisowetsa tulo. Ikuti nyumba ikakhala yopanda munthu wokhalamo kupitirira masiku 30 otsatizana, kampani sidzalipira za kuba, zoononga mwadala, magalasi osweka ngakhale madzi a paipi yophulika, pokhapokha ngati ndinawadziwitsa mochita kulemba iwo n'kuvomera. Mnzanga wa kuntchito akuti yake ya kuno ku Zambia imanena masiku 60, ndiye zikuoneka kuti kampani iliyonse ili ndi zake, koma yanga ndi 30 ndipo masikuwo anadutsa kale. Komanso pa fomu yoyamba ija, pofunsa kuti mukukhala ndani, ndinalemba kuti amayi.

Funso langa lalikulu ndi ili, munthu wogona ku boyizikota amawerengedwa kuti akukhala m'nyumbamo kapena ayi? Ejenti nditamuimbira anati musadandaule mayi, bola pamalopo pali munthu. Ndinamupempha kuti andilembere zimenezo, mpaka pano sanalembe, ndipo ine mawu apafoni sindikuwadalira chifukwa tsiku la tsoka amene adzabwere kudzaona zoonongeka si ejentiyo, adzakhala wofufuza wa kampani atanyamula pepala lomweli. Ndipo sadzavutika kudziwa zoona zake. Boyizikota ili ndi mita yake ya magetsi, ya nyumba yaikulu sitinaguliremo mayunitsi chichokereni amayi, filiji ndi yozimitsa, mabedi alibe zofunda, aneba akawafunsa adzanena kuti agogo anapita ku Zambia kalekale. Ndimeyi sikunena za malo onse kapena mpanda, ikunena nyumba, nde ine ndikuona ngati boyizikota angaitenge ngati nyumba ina.

Achimwene anga akuti mnyamatayo azikagona m'nyumba yaikulu usiku umodzi pamwezi kuti masiku aja aziyambiranso kuwerengedwa. Kodi zimenezi zimavomerezeka? Kwa ine kugona usiku umodzi si kukhala, ndipo ndikuopa kuti kampani ikaona ngati tinkaizembera ikhoza kukana zonse, ngakhale za moto zimene ndimeyi sinazitchule n'komwe.

Ndaganizapo zoti angosamukira m'nyumba yaikulu, aziphika momwemo, azigona momwemo. Koma apanso pali ndime ina. Pa katundu wamkati akuti amalipira kuba ngati akubawo achita kuthyola, chitseko, windo, denga kapena zitsulo za m'mawindo, ndipo salipira ngati wakuba ndi wa m'nyumba momwemo kapena wantchito. Msuweni wangayu ndimamukhulupirira, anakulira m'manja mwa amayi, koma ndi mnyamata, anzake amabwera. Wina atatenga kiyi n'kukadulitsa ina, kenako TV ndi sitovu n'kutuluka pakhomo popanda loko wothyoka, ndiye kuti sindidzalandira kanthu eti? Nanga iyeyo ndimulembe kuti ndi ndani pa fomu? Ndi m'bale, koma ndimamutumizira K60,000 pamwezi ya sopo ndi ndiwo, kodi pamenepo wasanduka wantchito? Lendi salipira, nde si walendi.

Chinanso, sukulu ikatsekera amapita kumudzi ku Dedza, nthawi zina amakhalitsa. Ndikufuna tilemberane pepala ine ndi iyeyo, amalume akhale mboni, lonena kuti azigona m'nyumbamo, akafuna kuchoka kupitirira sabata andiuze kuti tipeze wina, pochoka atseke madzi pa mita, asalowetse munthu wina kudzakhala, ndipo kukachitika kanthu apite kupolisi tsiku lomwelo akatenge lipoti, ajambule zithunzi asanakonze chilichonse, chifukwa polise ya inshuwaransi ikuti kampani iuzidwe mwamsanga ndipo ine kuti ndichoke ku depoti ya basi ya Intercity kuno ku Lusaka, ndidutse Chipata ndi boda ya Mwami mpaka ndikafike ku Lilongwe ndi ulendo wa tsiku lathunthu, nditapatsidwanso tchuthi kuntchito. Amalume akhoza kukhumudwa kuti pachibale tikulemberana mapepala, koma ndilolera akhumudwe. Kodi pepala lotere kampani imalilemekeza, ndipo ndiwatumizire kope yake?

Za ndalama nazo ndikufuna mundimasulire ngati ndamva bwino. Nyumba ndinaiika pa K45 miliyoni, makwacha a ku Malawi. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, simenti ndi malata zinakwera, ndipo mmisiri amene anamanga akuti lero kuimanganso yomweyo ndi cha m'ma K90 miliyoni, osawerengera malo. M'mapepalamu alemba kuti ukaika ndalama yochepa poyerekeza ndi mtengo womangiranso, amakulipira molingana ndi gawo limene unaika. Ndiye mphepo itasasula denga dzinja lino, kukonza n'kukhala K10 miliyoni, iwo apereka theka, K5 miliyoni, n'kuchotsaponso kandalama koyamba kaja kamene mwini amalipira yekha. Ndikakweza kufika pa 90, zolipira pachaka zikwera pafupifupi kawiri, ndipo ndikawauza kuti amayi kulibe mwina awonjezeranso kapena andiuze kuti ndilembe mlonda wa kampani, pomwe kuno ndili ndi lendi ndi mankhwala a amayi.

N'chifukwa chake ndikulingalira kusamutsa katundu wofunika, filiji, sitovu, TV ndi makina osokera a amayi, kupita kwa mng'ono wanga ku Area 49, ndisiye inshuwaransi ya katundu, ndalamayo ndiike pa nyumba yeniyeniyo pa mtengo woyenera. Koma akuba a nyumba zotseka sasiya chifukwa mulibe TV, amazula mawaya a magetsi, masinki, mipope, zitseko, ndipo zimenezo ndi za nyumba, zili pansi pa ndime ya masiku 30 ija. Ndinafunsako kampani ina kuno ku Lusaka kuti ndizilipira m'makwacha a kuno, anati nyumba ya ku Malawi ndiitetezere ku Malawi komweko.

Ndikudziwa kuti kampani ikakana kulipira munthu ungakadandaule ku Reserve Bank of Malawi, koma ine sindikufuna kukafika kumeneko ndi nyumba yopsa kapena yogumulidwa. Ndithandizeni alangizi, kalata yopita kukampani ndilembemo chiyani kwenikweni, ndipemphe kuti alembe mawu otani mu polise okhudza msuweni wangayu, ndipo ndiitumize panopa kapena ndidikire Januwale posayina yatsopano? Mvula yayamba kale ku Lilongwe.

Ine wanu,
Mayi wodandaula, Chelstone, Lusaka