Pobweza katundu wolipiridwa ndi khadi, musachoke popanda lisiti ndi nambala yolondolera ndalama

A Mkonzi,

Ndimagwira ntchito yolandira ndalama m'sitolo ina yogulitsa zipangizo zomangira kuno ku Chipata, ndipo mkangano umene umabuka kawirikawiri pakauntala pathu ndi wa ndalama zobwezedwa. Munthu wabweza katundu, ife tabweza ndalama pamakina a khadi, koma mawa lake wafikanso nkhope ili gwaa, akuti tamudyera. Sindimuimba mlandu, chifukwa polipira uthenga unalowa m'foni asanachoke n'komwe pakauntala. Nanga pobweza zichedweranji? Ndiloleni ndifotokoze zimene zimachitika, poti ambiri amataya ndalama za basi kuchokera ku Chadiza kapena ku Mambwe kudzafunsa zinthu zimene akanazidziwa ali kwawo.

Uthenga umene mumalandira mukangolipira sutanthauza kuti ndalama zafika kwa wogulitsa. Banki yanu yangovomera kuti ndalamazo zilipo, n'kuzipatula ngati chikole kuti musazigwiritse ntchito. Kusamuka kwenikweni kumachitika pambuyo, sitolo ikatseka malonda a tsikulo pamakina n'kuwatumiza onse pamodzi ku banki yake. Bankiyo imawapereka kwa Visa kapena Mastercard, makampani oyendetsa makhadi, ndipo iwo ndi amene amauza banki yanu kuti ilipire. Kubweza ndalama kumadutsa njira yomweyi chobwerera, ngati malonda atsopano, ndipo aliyense mwa anayiwa ali ndi ola lake lotsekera ntchito. Mukaphonya ola limenelo, nkhani yanu imadikira gulu la tsiku lotsatira.

N'chifukwa chake tsiku lobwezera katundu lili ndi kanthu. Mukabwera tsiku lomwelo makina asanatsekedwe, wolandira ndalama angathe kufafaniza malondawo, chimene pamakina ambiri chimalembedwa VOID. Pamenepo ndalama zinali zisanachoke, banki imangomasula zimene inapatula. Zikatere musayembekezere kuona mzere wosonyeza ndalama zolowa pa sitetimenti. Mzere wa malonda uja, umene unali ndi mawu oti Pending, umangozimiririka, ndipo ndalama zotsala m'akaunti zimakwera mwakachetechete. Ndaonapo anthu akudandaula kuti sanabwezeredwe pamene ndalama zinabwerera kalekale. Koma makina akatsekedwa, chotsala ndi REFUND, ulendo wautali uja.

Tiyerekeze kuti mlimi wa ku Chiparamba wagula pampu yothirira dimba pa K2,400, ndipo waibweza Lachisanu madzulo kumayambiriro kwa Julaye, kutatsala pang'ono maholide aja a Lolemba ndi Lachiwiri, lokumbukira ngwazi ndi la umodzi. Timamuuza kuti adikire masiku 5 mpaka 10 ogwira ntchito. Iye amayamba kuwerenga pa zala kuchokera Loweruka, n'kuyembekezera ndalama Lachitatu. Koma kubanki Loweruka, Lamlungu ndi maholide awiriwo sawerengedwa. Tsiku loyamba ndi Lachitatu lomwelo, ndipo masiku asanu ogwira ntchito amakwana Lachiwiri la mlungu wotsatira, patapita masiku 11 pakalendala. Zikafika pa masiku 10 ogwira ntchito, ndiye kuti papita masiku 18. Palibe amene waba, koma kwa munthu amene tomato wake akufota kudimba, masiku 18 ndi ambiri, ndipo ife ogulitsa timalakwa tikangonena kuti “masiku asanu” osatchula deti lenileni.

Tsono mungadziwe bwanji kuti ndalama zili m'njira, osati wogulitsa wangokunamizani? Musachoke pakauntala popanda lisiti lotuluka m'makina a khadi, osati lolembedwa pamanja lokha. Onani kuti pali mawu oti REFUND ndi APPROVED, deti, kuchuluka kwa ndalama, ndi manambala anayi omaliza a khadi lanu. Pamalisiti ambiri pamakhalanso RRN, nambala ya zilembo 12 yozindikiritsa malondawo. Lijambuleni ndi foni nthawi yomweyo, chifukwa mapepala amenewa amafufutika msanga akakhala m'thumba lotentha.

Nambala yamphamvu kuposa zonse ndi ARN, yolondolera ndalama, ya manambala 23. Imabadwa pamene banki ya wogulitsa yatumizadi ndalamazo kwa Visa kapena Mastercard, choncho siipezeka pa tsiku lobwezera katundu. Pakapita masiku awiri kapena atatu ogwira ntchito, imbani foni kusitolo muwapemphe kuti akufunsireni nambalayi ku banki yawo. Apa ndi pamene zimaonekera poyera. Ngati ARN ilipo, ndalama zinachoka m'manja mwa wogulitsa, ndipo wofunika kumufunsa tsopano ndi banki yanu. Ngati mlungu watha koma sitolo ikulephera kuipereka, kawirikawiri ndiye kuti nkhaniyo idakali kumbali yawo: mwina makina sanatsekedwe, mwina akuluakulu a sitolo sanavomereze, mwina banki yawo inaikana. Pamenepo kupita ku banki yanu n'kungotaya nthawi, poti iwo sangaone chinthu chimene sichinatumizidwe.

Mukapita ku banki muli ndi ARN, musangonena kuti ndalama zanga sizinalowe. Amene ali pakauntala amangoyang'ana m'akaunti n'kukuuzani zimene mukuzidziwa kale. Nenani kuti mukufuna gawo loona za makhadi lilondole ndalama zobwezedwa, perekani nambalayo, deti ndi kuchuluka kwake, ndipo mupemphe nambala ya dandaulo lanu. Pemphaninso sitetimenti yoyambira tsiku limene munagula, chifukwa uthenga wa pafoni sudalirika pa ndalama zolowa, ndipo nthawi zina mzerewo umakakhala pafupi ndi deti lakale m'malo mokhala pamwamba.

Amene amagula pa intaneti ndi madola adziwe kuti ndalama zobwerera zimasinthidwa pa mtengo wa tsiku lobwezera. Ngati munalipira madola 40 dola ili pa K27, munachotsedwa K1,080. Ikadzabwera dola ili pa K26, mulandira K1,040, ndipo ndalama imene banki inadula posinthira mwina siibwerera. Wogula wotere amafufuza K1,080 pa sitetimenti, osaipeza, n'kuganiza kuti palibe chalowa. Ngati khadi linatha ntchito kapena linasinthidwa, musade nkhawa kwambiri: akaunti ikakhala yotsegula, banki imalondolera ndalamazo kumeneko, ngakhale zingachedwerepo.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi anthu oleza mtima mopitirira. Wogulitsa akamangoti mawa, mawa, muli ndi ufulu wopempha banki yanu kuti ikatenge ndalamazo mokakamiza kudzera m'malamulo a makhadi, ndipo lisiti lija ndiye umboni wanu. Koma mwayiwu uli ndi malire, nthawi zambiri masiku 120, ndipo akadutsa banki imangokupepesani. Banki ikakunyalanyazani mutadandaula polemba, nkhaniyo mungaitengere ku Banki Yaikulu ya Zambia, pamene ya wogulitsa wokana kubweza imapita ku bungwe la CCPC loteteza ogula. Ndipo m'masiku odikirawa, wina akakuimbirani kuti ndalama zanu zakodwa, mum'patse PIN kapena manambala amene alowa m'foni kuti azimasule, dulani foniyo. Kulandira ndalama zobwezedwa sikufuna nambala yachinsinsi iliyonse pafoni.

Pempho langa likupita kwa eni masitolo anzanga a kuno kum'mawa ndi mabanki amene amatipatsa makinawa. Tiyeni tizilemba kuseri kwa lisiti deti lomaliza limene wogula ayembekezere ndalama, titawerengera maholide, pamodzi ndi nambala ya foni yofunsira ARN. Mabanki nawonso aphunzitse olandira ndalama za nambalayi pobweretsa makina, chifukwa ambiri mwa anzanga pantchitoyi sanaimvepo, ndipo wogula akaifunsa amangoyang'anana.

Ndine wowerenga wanu,
Wolandira ndalama m'sitolo,
Kapata, Chipata