Mafoni akungodukaduka ku Chigumula

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu kwa kampani ya mafoni yomwe ndimagwiritsa ntchito kuno ku Chigumula, mumzinda wa Blantyre.

Magetsi a m'dera lathu akangothima, netiweki nayo imafooka, ngakhale foni yanga ili ndi moto wodzadza. Mawu a mnzako amamveka ngati akuyankhulira m'madzi, kenaka foni n'kuduka. Dzulo ndinaimbira mayi anga kumudzi katatu kuti ndimve za mankhwala awo, koma dzina la mankhwalawo sindinalimve. Mayunitsi okha ndiwo anatha.

Anansi anga akudandaulanso chimodzimodzi, choncho vuto si foni yanga. Ndikukayikira mabatire kapena jenereta ya pa nsanja yanu. Chonde tumizani amisiri adzaione nthawi imene magetsi athima, osati ali oyaka.

Kasitomala wodandaula,
Chigumula