Usanapite kwa amalume ako

Mwana wanga,

Mlongo wako wandiuza kuti Loweruka likubwerali ukupita kwa amalume ako kukapempha mpamba wa shopu yosokera ija. Chifukwa chiyani ndikumvera kwa ena? Unkaopa kuti ndikuletsa? Sindikuletsa ayi. Kusoka umakutha, ndipo diresi unandisokera chaka chatha anthu amandifunsabe kuti telala wake ndani. Chimene chandisowetsa tulo ndi mawu amene akuti ukufuna kukanena kumeneko, akuti ukawauza kuti "ndidzakubwezerani zikayamba kuyenda." Mawu amenewo usakawatulutse pakamwa pako, ndakupempha.

Ine ndinawanenapo mawu amenewo, kwa amayi ako aakulu, iwe uli kumsana. Anandipatsa ndalama ndi mtima woyera, osalemba paliponse, osatchula tsiku. Ine mumtima ndinkati zikayenda ndi pamene katundu wachuluka, mwina pakatha zaka ziwiri. Iwo ankawerenga miyezi itatu. Palibe ananama pakati pathu, koma tsiku lina anandiona nditavala nsapato zatsopano, moni wawo unasintha kuyambira pamenepo. Ndalama ndinabweza zonse, mochedwa, koma papita zaka tisanakhalenso pansi n'kuseka ngati kale. Umakumbukira kuti ukadali wamng'ono sitinkapitako? Chifukwa chake n'chimenechi. Sindikufuna iwe ndi mlongo wanga mufike pamenepo.

Choyamba udziwe chimene ukupempha. Ndi ngongole, si mphatso, ndiponso sukuwagulitsa gawo la bizinesi. Zinthu zitatuzi zimasiyana, ndipo pachibale zimasokonekera msanga. Ukapanda kutchula, amalume ako akhoza kuganiza kuti shopuyo ndi yawonso, azibwera kudzafunsa kuti lero mwapeza zingati, azikuuza woti umulembe ntchito. Ndipo sadzakhala olakwa, chifukwa sunawauze. Ukangokhala pansi unene poyera kuti, "Malume, ndabwera kudzapempha ngongole. Bizinesi idzakhala yanga, ikagwa ngongoleyo idzakhalabe pamutu panga." Chiganizo chomalizacho ndi cholemera, ndikudziwa. Ngati sungathe kuchinena ndi mtima wonse, usapite.

Ndatenga ziwerengero zija unamulembera mlongo wako, ndakhala nazo usiku ndi pensulo. Ukufuna 600,000. Makina ndi 350,000, tebulo, ayironi ndi sizasi 70,000, lendi ya miyezi iwiri 80,000, nsalu ndi ulusi woyambira 100,000. Pamenepo wachita bwino, chilichonse chili ndi mtengo wake, ndipo pepala limenelo upite nalo. Ngati wogulitsa makinawo angakulembere mtengo papepala lake, utengenso. Munthu amamasuka kutulutsa ndalama akaona kumene ikukalowa.

Koma pamene walemba kuti uzibweza 100,000 mwezi uliwonse kwa miyezi isanu ndi umodzi, mwana wanga, unkaganiza chiyani? Unkafuna kuwasangalatsa, ndikukudziwa. Kuyambira uli kusukulu unkalonjeza zazikulu kuti anthu akumwetulire. Taona ziwerengero zako zomwe. Mwezi wabwino wati ulandira 250,000. Chotsapo lendi 40,000. Chotsapo 50,000 ya ulusi, singano, magetsi ndi kukonzetsa makina akavuta. Chotsaponso 80,000 yoti iwe udye ndi kukwera galimoto, imene sunailembe n'komwe, ngati kuti telala sadya. Zatsala 80,000. Ndiye mwezi wabwino womwewo sukufika pa 100,000 walonjezayo. Nanga mwezi woipa? Ntchito yosoka ili ndi nyengo zake, pali miyezi imene anthu amakuthamangira ndi miyezi imene umangokhala n'kumapukuta makina. Mwezi wotero ukalandira 190,000, lendi sisintha, mimba yako sisintha, zogulagula zokha ndizo zimatsika mwina kufika 30,000. Zotsala ndi 40,000 basi.

Ndalama imene walandira kwa kasitomala si phindu. Ndikubwereza chifukwa apa ndi pamene anthu amagwera. Ukalonjeza kuposa phindu lako, mwezi woyamba udzabweza potenga ndalama ya nsalu. Mwezi wachiwiri kasitomala adzabwera, iwe ulibe ulusi wa mtundu umene akufuna. Mwezi wachitatu udzakongola kwina kuti ubweze kuno. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: ngongole ikuchepa koma mashelefu akupepuka. Ukaona zimenezo dziwa kuti ukudya mpamba.

Choncho lonjezo lako ulimange pa mwezi woipa, osati wabwino. Ukawauze kuti uzibweza 40,000 mwezi uliwonse kwa miyezi 15, zimene zikukwana 600,000 ndendende. Upemphenso miyezi iwiri yoyamba kuti usabweze kanthu, chifukwa makasitomala sabwera tsiku limene watsegula chitseko. Yonse pamodzi ndi miyezi 17. Ikuoneka yaitali, ndipo mwina udzachita manyazi poitchula. Chita manyaziwo Loweruka, kamodzi kokha, kusiyana ndi kumazimitsa foni mwezi uliwonse. Mwezi ukayenda bwino ukhoza kuwonjezera, n'kumaliza msanga. Wobweza msanga palibe amamukwiyira.

Tsiku ulitchulenso. Osati "kumapeto kwa mwezi," chifukwa mapeto a mwezi amatha kukoka mpaka pakati pa mwezi winawo. Nena kuti pa 5 mwezi uliwonse, kuyambira mwezi wakuti, kumaliza mwezi wakuti.

Za chiwongoladzanja uyambe ndiwe kuzitchula, usadikire kuti iwo achite kuzengereza nazo. Ndalama imeneyo akanaisunga kubanki kapena kuigwiritsa ntchito ina ikanawabalira kanthu, ndipo zinthu zikamakwera mitengo, 600,000 ya lero sidzagula zofanana pakatha miyezi 17. Akakana, uthokoze, ndipo mulembe kuti palibe chiwongoladzanja. Akavomera, mumvane bwinobwino tanthauzo lake. Khumi pa 100 iliyonse pa ngongole yonse ndi 60,000, ndiye ubweza 660,000, kapena kuti 44,000 pamwezi. Imeneyo ungaikwanitse ngati miyezi yabwino uzisungako pambali. Koma khumi pa 100 iliyonse mwezi uliwonse ndi chinthu china, ndi 60,000 mwezi woyamba wokha usanakhudze ngongole yeniyeniyo, kuposa phindu lako lonse la mwezi woipa. Mawu ake amamveka ofanana. Ufunse kawiri.

Ukudya mokwanira kodi? Mlongo wako akuti waonda. Umasoka mpaka usiku ndi makina obwereka aja, maso adzakupweteka. Koma ntchito imeneyo isapite pachabe: kope limene umalembamo maoda upite nalo. Amalume ako akaona mayina a zovala, masiku ndi ndalama zimene anthu akhala akukulipira miyezi yapitayi, adzakhulupirira kuposa utawalankhulira ola lathunthu za maloto ako. Uwauzenso zimene wasunga wekha, ngakhale zichepe, ndi kuti ukuziika momwemo. Munthu savomera msanga kuika ndalama zake pamene mwini wake sanaikepo kanthu.

Tsopano funso limene ukuliopa, lakuti zikakanika bwanji. Adzakufunsa, ndimawadziwa, ndinakula nawo. Akapanda kufunsa uyambitse wekha. Uwauze kuti ukaona kuti mwezi uno sukwanitsa, udzawaimbira kusanafike pa 5, osati pambuyo pake, ndipo udzapereka theka, chotsalacho chipite kumapeto kwa ngongole. Uwauze kuti ikadutsa miyezi itatu yotsatizana osapereka, makinawo ndi chikole, agulitsidwe. Koma usawanamize kuti makina adzabweza zonse. Makina ogwiritsidwa kale ntchito sagulidwa pa mtengo wa atsopano, ndipo ngakhale atsopanowo ndi 350,000 pa ngongole ya 600,000. Chotsalacho unene kumene chidzachokere, kaya ubwerera kukasokera ena n'kumapereka pang'onopang'ono kuchokera pa malipiro. Chimene chimapha chibale si kuchedwa kwenikweni. Ndi kukhala chete. Ine amayi ako aakulu ndinkawazemba panjira, ndipo n'zimene zinawapweteka kuposa ndalamazo, anandiuza okha patapita zaka.

Zonsezi mulembe. Ndikudziwa udzati kulemberana ndi malume ako ndi mwano, ngati sukuwakhulupirira. Iwowo mwina adzanenanso kuti, "Aa, ndife amodzi, mapepala a chiyani?" Uyankhe mwaulemu kuti pepalalo ndi lokumanga iwe, osati iwo. Tsamba limodzi likwana: mayina anu awiri, ndalama zimene wabwereka ndi tsiku lake, zimene uzibweza ndi masiku ake, chiwongoladzanja ngati chilipo, za chikole zija, kenako musaine nonse pamodzi ndi mboni. Aliyense asunge lake. Anthu timaiwala, timadwala, timafa. Amalume ako atachoka lero, ana awo adzanena chiwerengero chawo, iwe chako, ndipo wokuweruzani sadzakhalapo. Mboniyo ndisakhale ine. Mbali imodzi mwana wanga, mbali inayo mlongo wanga, ndingaime pati? Akazi awo akhalepo pokambirana, chifukwa ndalama ya m'nyumba si ya munthu mmodzi, ndipo ngongole imene mkazi waimvera mochedwa imabala mkangano umene iwe sudzauona koma udzaumva kutentha kwake. Pobweza uzitumiza m'njira yosiya umboni, kubanki kapena pafoni, ndipo ukapereka pamanja asaine kuseri kwa pepala lomwelo.

Uwaimbire lero kuti ukubwera ndi nkhani ya ndalama, asadzidzimuke. Usakayambe nkhaniyi pali alendo kapena ana awo, munthu amavomera chifukwa cha manyazi kenako n'kumakusungira chakukhosi. Ukamaliza kufotokoza uwasiyire pepalalo, uwauze kuti aganize sabata imodzi. Ndipo akakana, kapena akati angathe theka lokha, usakwinye nkhope, usasiye kuwayendera. Sukudziwa zimene zili m'thumba mwawo. Ali ndi ana kusukulu, ndipo ndalama imene angakupatse mwina ndi imene anasungira matenda. Uwafunse ndithu ngati angakhale osaifuna kwa miyezi 17. Akazengereza poyankha, uchepetse pempho lako, uyambe ndi makina okha, lendi idikire uzisokera pamene ukukhalapo.

Ndipo usakanene kuti ine ndakutuma. Akakupatsa chifukwa cha ine, tsiku limene udzachedwe foni idzalira kuno.

Ziwerengerozo uzilembenso bwino, ndi 80,000 yako ya chakudya ilowemo, unditumizire ndizione Lachisanu lisanafike. Singano za makina zija unasiya m'kabati ndazipeza, ndimupatsira mlongo wako.

Ndine mayi ako.